Misomali ya m'nthaka pa phiri lodulidwa: mpata wake, girauti ndi chophimba kumaso

"Ndine kapitawo pa ntchito yomanga nyumba yosungiramo katundu m'munsi mwa phiri. Kuti malo akwane tiyenera kudula phirilo, ndipo padzatsala khoma la dothi lotalika mamita 6, m'litali mamita 30, loima pafupifupi chilili. Malo omangapo khoma lochirikiza palibe, choncho atiuza kuti tiike misomali ya m'nthaka. Kontirakitala wina akuti misomali italikirane mita imodzi ndi theka, kumaso apopere konkire. Wina wotchipa akuti mamita awiri akwana, girauti azithira ndi ndowa pakamwa pa bowo, kumaso ayale waya basi. Woyendetsa makina okumbira akufuna adule mamita onse 6 kamodzi. Dothi ndi lofiira, losakanikirana ndi mchenga, logwirana bwino. Kodi ndikasankha wotchipayo ndikuika anthu pangozi?"

Akapitawo, mtima ukhale m'malo. Mwafunsa phiri lisanadulidwe, pamene chilichonse chikhoza kukonzeka papepala osati ndi fosholo. Ngati dothi lanu lili choncho mpaka mkati, ndipo madzi a pansi pa nthaka ali kutali, ndi dothi limene misomali imagwiramo bwino. Njirayi yayesedwa kwa zaka zambiri. Khoma loyamba lodziwika linamangidwa mu 1972 pafupi ndi Versailles ku France, pamene ankakuza njanji nadula chiphedi cha mchenga chotalika mamita 18. Pambuyo pake akatswiri a ku Germany ndi a ku France anamanga makoma oyeserera, nkumawalemetsa dala mpaka kugwa kuti aone pamene amathyokera, ndipo malamulo ambiri amene timatsatira lero anachokera kumeneko. Mamita 6 si khoma lalitali pa ntchito imeneyi.

Koma wotchipayo, monga momwe walongosolera ntchito yake, ine sindingamulole. Mamita awiriwo tikhoza kukambirana. Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi ndowa ija.

Dzina lakuti msomali limasocheretsa anthu, chifukwa amaganiza za msomali wa kalipentala umene amaumenya ndi hamala. Uwu ndi wina. Timaboola bowo m'khoma la dothi, lalikulu mamilimita 100 kapena kuposerapo, lopendekera pansi pafupifupi madigiri 15. Timalowetsamo chitsulo cha mizeremizere, kawirikawiri cha mamilimita 25 kapena 32, kenako nkudzaza bowolo ndi girauti, kutanthauza simenti yosungunula ndi madzi. Girauti ikauma imagwira chitsulo mkati, kunja nkugwira dothi. Msomaliwu sitiukoka pouika ayi, umangokhala phee. Tikapitiriza kukumba m'munsi mwake, dothi la kumaso limayamba kusendera kunja pang'ono, ndipo kusenderako ndi kumene kumaukoka. Mbali ya msomali imene ili mkati kwambiri, m'dothi losasuntha, imakana kuzuka, motero dothi la kumaso limakhala ngati lasokereredwa ku phiri.

Pamenepa pali zinthu ziwiri zoti mugwire. Choyamba, khoma la misomali limayenda pang'ono kuti ligwire ntchito. Pa khoma ngati lanu si zodabwitsa kuona pamwamba pasendera mamilimita 6 mpaka 20. Ngati pamwambapo, pafupi ndi m'mphepete, pali nyumba, msewu kapena paipi ya madzi, injiniya adziwe, chifukwa kayendedwe kameneka kakhoza kung'amba chipupa kapena kuthyola paipi, ndipo paipi yodontha kuseri kwa khoma ndi ngozi yaikulu. Kumbukiraninso kuti misomali idzalowa mamita angapo pansi pa malo a kumtundawo. Ngati malowo ndi a munthu wina, pamafunika chilolezo chake cholembedwa, ndipo adziwe kuti m'tsogolo sangakumbe pamenepo mwachisawawa. Chachiwiri, chitsulo sichimaduka kawirikawiri. Chimene chimalephera ndi kugwirana kwa girauti ndi dothi. Zonse zimene ndinene pansipa zikuzungulira pamenepa.

Woyendetsa makina uja muuzeni lero lomwe kuti sadula zonse kamodzi. Ntchitoyi imayambira pamwamba kutsika pansi. Amadula mita imodzi ndi theka, amaboola, amaika misomali, amathira girauti, amayala zotulutsira madzi, amapopera konkire, ndipo amadikira kuti girauti ndi konkire zilimbe, kawirikawiri masiku atatu kapena mpaka zoyeza zitasonyeza kuti mphamvu yakwana. Akatero ndiye amadula gawo lachiwiri. Dothi limangofunika kuima lokha mita imodzi kapena ziwiri kwa tsiku limodzi kapena awiri. Mukadula mamita 6 nthawi imodzi, mwaika anthu pansi pa khoma lopanda chogwira, oboola akugwedeza nthaka, ndipo mizere ya pamwamba muyenera kuifikira ndi makwerero. Kuima kwa dothi m'chilimwe kusakunyengeni. Dothi lofiira lonyowa pang'ono limagwirana chifukwa cha chinyontho chochepa chimene chili pakati pa timibulu take. Likakhuta madzi a mvula mphamvu imeneyo imatha, ndipo likauma kwambiri limang'aluka. Musanayambe, kumbani kagawo koyeserera ka mita imodzi ndi theka pamalo omwewo, mukasiye masiku awiri popanda munthu woima m'munsi mwake, muone ngati kakuyoyoka kapena kutuluka madzi. Kakayoyoka, magawo afupikitsidwe kapena njira isinthe.

Za mpata wa misomali, makoma ambiri amakhala pakati pa mita imodzi ndi mamita awiri, chopingasa ndi chotsika momwe, ndipo mita imodzi ndi theka ndiyo imapezeka kwambiri. Mabuku otsogolera amanena kuti msomali umodzi usasamalire malo oposa masikweya mita 4 a kumaso. Mamita awiri mbali zonse ndi masikweya mita 4 ndendende, kutanthauza kuti wotchipayo waima pa malire penipeni, popanda kuyeza dothi. Mita imodzi ndi theka mbali zonse ndi masikweya mita 2.25 okha. Kusiyana kwa theka la mita kumaoneka kochepa pa tepi, koma katundu wa msomali uliwonse amakwera pafupifupi kawiri.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Manambala a dothi amene ndigwiritse ntchito ndi ongoyerekeza, a dothi lofanana ndi lanu, kuti muone momwe zinthu zimakhalira. Enieni adzachokera kwa amene ayeze dothi lanulo. Pa khoma loima chilili, njira imodzi yachidule yoyerekezera mphamvu yokoka msomali wa m'mizere ya pamwamba ndi iyi:

```
T = 0.75 × Ka × γ × H × Sv × Sh
T = 0.75 × 0.33 × 18 × 6 × 1.5 × 1.5 ≈ 60 kN
```

Nambala ya 0.33 ikusonyeza momwe dothilo limakankhira m'mbali, 18 ndi kulemera kwake, 6 ndi kutalika kwa khoma, ndipo ziwiri zomalizazo ndi mpata wa misomali. Yankho lake ndi lofanana ndi kulemera kwa matani 6. Mukaika mamita awiri m'malo mwa mita imodzi ndi theka, mupeza pafupifupi matani 11. Chitsulo chabwino cha mamilimita 25 chimayamba kutamuka pa matani oposa 20, choncho ngakhale titachotsapo gawo la chitetezo, katundu uyu chimamusenza. Vuto lili ku dothi.

Tinene kuti bowo ndi la mamilimita 100, ndipo dothi lanu limagwira girauti mwapakatikati, moti mita iliyonse ya msomali imazuka ikakokedwa ndi matani atatu ndi kachigawo. Sitidalira mphamvu yonseyo, timaigawa pawiri, nkutsala ndi tani imodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono pa mita iliyonse. Kuti tigwire matani 6, tikufuna pafupifupi mamita anayi a msomali ali m'dothi losasuntha. Koma mamita awiri oyambirira a misomali ya pamwamba ali m'dothi limene likufuna kugumukalo, ndipo amenewo sawerengedwa pa kukana kuzuka. Ndiye msomali ukhala wa mamita 6. Pa mpata wa mamita awiri, matani 11 akufuna pafupifupi mamita 7 m'dothi losasuntha, kuphatikiza awiri aja, msomali wa mamita 9.

Tsopano onani zimene zikutuluka pa khoma lanu la mamita 30. Pa mita imodzi ndi theka muli ndi mizere inayi, woyamba masentimita 75 kuchokera pamwamba, wotsiriza masentimita 75 kuchokera pansi, misomali 20 pa mzere, yonse 80. Kuboola konse ndi mamita 480. Pa mamita awiri muli ndi mizere itatu ya misomali 15, yonse 45, koma ya mamita 9, kuboola konse mamita 405. Chimene mwapulumutsa ndi mamita 75 okha, ndipo mukachibweza pa chophimba cha kumaso chimene chiyenera kukhala chochindikala kwambiri. Choncho mufunseni wotchipayo kutalika kwa misomali yake. Akakuuzani kuti mamita anayi kapena asanu pa mpata wa mamita awiri, mwapeza pamene kutchipako kwachokera. Mwina dothi lanu lidzapezeka lamphamvu kuposa momwe ndayerekezera, misomali nkufupikirapo, pakuti pa dothi labwino kutalika kwake kumayambira pa magawo 7 mwa magawo 10 a kutalika kwa khoma. Koma chimenecho chinenedwe ndi zoyeza, osati ndi diso.

Chifukwa china chimene ndimakondera mpata wocheperako sichilowa m'masamu. Misomali ikakhala yambiri, umodzi ukalephera oyandikana nawo amagawana katundu wake. Ikakhala yochepa komanso yolemedwa, umodzi wolephera umasiya dera lalikulu lopanda chogwira, ndipo simungadziwe kuti wolepherawo ndi uti chifukwa yonse ili m'kati mwa nthaka. Komanso mpata wotsika ndi umene umalamula kukula kwa gawo lodulidwa. Mamita awiri akutanthauza kuti dothi liime lokha mamita awiri nthawi iliyonse. Ndiwonjezere kuti kufupikitsa kwambiri mizere ya pamwamba ndi kulakwa kumene ndakuona kawirikawiri. Anthu amaganiza kuti katundu ali pansi, koma mizere ya pamwamba ndi imene imaletsa mutu wa khoma kuweramira kunja ndi nthaka ya kumtunda kung'aluka.

Tifike pa ndowa ija. Bowo la mamita 6, lopapatiza, lopendekera pang'ono, lili ndi chitsulo pakati, lili ngati botolo logoneka. Mukathira girauti pakamwa, imatseka njira, mpweya wa mkati umasowa potulukira, ndipo girautiyo imaima. Pakamwa pamaoneka podzaza bwino, aliyense nkukhutira, koma kumapeto kwa bowo kuli mpweya, madzi ndi dothi logwa. Ndipo kumapetoko ndi kumene kuli mphamvu yonse ya msomali, monga tawerengera pamwambapa. Ndinaitanidwapo pa khoma lina limene gawo lake linagumuka mvula itagwa masiku angapo motsatizana. Misomali inatuluka pamodzi ndi dothi, yosaduka ngakhale umodzi. Titaiyang'ana, girauti inali pa mita imodzi kapena ziwiri zoyambirira, kwina konse kunali chitsulo chamatope chimene chinali chitayamba dzimbiri. Anthuwo anagula zitsulo zabwino ndi simenti yokwanira, analakwitsa kathiridwe kokha. Mwamwayi linagwa usiku popanda munthu pansi, koma sindinaiwale maonekedwe a zitsulo zimenezo.

Kathiridwe koyenera ndi kolowetsa paipi yopyapyala mpaka kumapeto kwa bowo, kawirikawiri yomangirira ku chitsulo, nkupopa girauti ndi pampu kuti idzaze kuchokera mkati kubwera kunja. Girauti imakankha mpweya, madzi ndi matope patsogolo pake. Poyamba pakamwa pamatuluka madzi akuda, kenako girauti yosungunuka, ndipo wopopayo asaleke kufikira itatuluka yofanana ndi imene ili mu thanki yosakanizira. Ngati paipi ikusololedwa, nsonga yake ikhale yomira m'girauti nthawi yonse. Kupendekera kwa madigiri 10 mpaka 20 kuja ntchito yake ndi yomweyi, kuti girauti itsetserekere mkati ndi kukhazikika. Bowo logona kwambiri silidzaza bwino kumwamba kwake. Ngakhale zonse zitayenda bwino, girauti ikakhazikika imasiya kampata kumwamba kwa kamwa la bowo, ndipo kameneko kadzazidwenso musanaike puleti yachitsulo ya pa mutu wa msomali, chifukwa ndi pamene dzimbiri limakonda kuyambira.

Madzi osakanizira ndi nkhondo ya tsiku ndi tsiku. Muyezo wake ndi malita 20 mpaka 25 pa thumba la simenti la makilogalamu 50. Anyamata a pa pampu amakonda kuwonjezera madzi kuti iyende mosavuta, koma girauti yamadzimadzi imalekana: simenti imakhala pansi, madzi nkuyandama pamwamba m'litali monse mwa bowo, ndipo akauma pamatsala mpata pakati pa girauti ndi dothi. Lembani mzere pa chigubu choyezera madzi ndipo chigubu chimenecho chokha ndicho chigwire ntchito. Girauti isakanizidwe ndi makina, isefedwe kuchotsa zibuma, ndipo yokhalitsa yoyamba kugwirana itayidwe, asaitsitsimutse ndi madzi. Tsiku lililonse tengani zitsanzo zokayezetsa. Mphamvu imene ambiri amafuna pa masiku 28 ndi mamegapasikalo osachepera 21.

Pali njira yosavuta imene inu monga kapitawo mungadziwire ngati mabowo akudzaza, ndiyo kuwerenga matumba. Bowo la mamilimita 100, lotalika mamita 6, lili ndi chitsulo cha mamilimita 25 mkati, limalowa malita pafupifupi 44. Thumba limodzi losakaniza ndi malita 22 a madzi limatulutsa girauti yokwana pafupifupi malita 38. Choncho msomali uliwonse uyenera kudya thumba limodzi ndi kachigawo, ndipo popeza mabowo amakula pang'ono poboola ndipo ina imatayika, thumba limodzi ndi theka si zachilendo. Mukaona misomali khumi yatha ndi matumba asanu, mabowo sakudzaza kapena madzi achuluka. Mukaona bowo limodzi lameza matumba anayi osadzaza, girauti ikuthawira m'ming'alu kapena m'mphako, ndipo imeneyo ndi nkhani yoti injiniya aimve tsiku lomwelo. Sungani kabuku kolembamo nambala ya msomali, kutalika kwa bowo, dothi limene latuluka, nthawi yoboola, nthawi yothira ndi malita ake.

Chitsulo chisagone pansi pa bowo. Chimavekedwa timphete ta pulasitiki tochikhazika pakati, totalikirana mamita awiri kapena awiri ndi theka, ndi kena pafupi ndi nsonga iliyonse, kuti girauti ichizungulire ndi mamilimita osachepera 25 mbali zonse. Girauti imeneyi ndiyo chitetezo choyamba ku dzimbiri. Popeza khoma lanu likhala zaka zambiri kuseri kwa nyumba, dothi liyezedwe asidi ndi mchere wake, ndipo zitsulo zikhale zokutidwa ndi zinki kapena utoto wolimba wa epokisi, kapena zovekedwa paipi ya pulasitiki ngati dothi ndi loononga chitsulo. Poboola, m'dothi la dongo ndimakonda mpweya kuposa madzi, chifukwa madzi amafewetsa makoma a bowo nkusiya matope oterera amene girauti singagwire. Bowo lithiridwe tsiku lomwe laboolewa. Ngati chitsulo chikukana kulowa, bowo lagwa mkati: asachimenye ndi hamala kapena kuchikankha ndi makina, achitulutse ndi kuboolanso. Mabowo akamagwa pafupipafupi pamafunika paipi yotchingira poboola, kapena zitsulo za bowo pakati zimene zimadziboolera zokha girauti ikudutsa mkati mwake.

Zonsezi zimatsimikizika ndi jeke. Ntchito yeniyeni isanayambe, aike misomali yoyeserera iwiri kapena kuposerapo, ndi makina omwewo, anthu omwewo ndi kathiridwe komweko. Amathira girauti pa mamita atatu a mkati, nkusiya mita imodzi ya kunja yopanda kanthu, kenako amakoka pang'onopang'ono mpaka kuwirikiza kawiri katundu amene wawerengedwa pa mamita atatuwo. Pa manambala athu aja, mamita atatu ayenera kupirira matani 9 ndi theka osazuka. Pa gawo lina la kukokako amaimitsa katundu nkuyang'ana geji yoyeza kusuntha kwa msomali: msomali usayende kupitirira milimita imodzi pakati pa mphindi yoyamba ndi ya khumi. Ukamangoyenda katundu asanawonjezedwe, dothi likugonja pang'onopang'ono, ndipo khoma lotero limasendera chaka ndi chaka. Ntchito ili mkati, msomali umodzi pa 20 iliyonse umayezedwanso mpaka kamodzi ndi theka ka katundu wake, ndipo pa misomali 80 imeneyo ndi inayi, umodzi pa mzere uliwonse. Kontirakitala amene sanaike mayeso amenewa m'mtengo wake sanakupatseni mtengo wa ntchito yonse.

Za waya wa kumaso, sindikuunyoza, uli ndi malo ake. Pa chiphedi chopendekera bwino, kapena cha miyala yosweka, waya wachitsulo wolimba womangidwa ndi mapuleti umagwira ntchito, ndipo udzu umamera pansi pake nkuteteza dothi. Koma waya umagwira pokhapokha dothi litatupa kale nkuukankha, ndipo suletsa mvula kukokolola dothi kuseri kwake. Pa khoma la dothi loima pafupifupi chilili udzu sumera, dothi limayoyoka pakati pa misomali, kuseri kwa mapuleti kumakumbika, puleti nkutsala ikulendewera m'malere. Ikafika pamenepo mutu wa msomali sukugwiranso kanthu. Khoma lanu likufuna chophimba cholimba.

Chophimba choyamba ndi konkire yopopera yochindikala pafupifupi mamilimita 100, yokhala ndi waya wowotcherera pakati pake. Ndikuti pakati, osati wogona pa dothi, chifukwa waya wokhudza dothi sulimbitsa konkire ndipo umachita dzimbiri. Pa mutu wa msomali uliwonse pamadutsa zitsulo zina ziwiri zowonjezera, kenako puleti yachitsulo ya mamilimita 200 mpaka 250 mbali zonse, yochindikala pafupifupi mamilimita 20. Puletiyo amaikanikiza pa konkire ikadali yofewa kuti ikhale bwino popanda mpata kuseri, amaika washa yopendekera yogwirizana ndi kupendekera kwa msomali, ndipo nati amaimanga ndi sipanala konkire italimba. Pa mpata wa mita imodzi ndi theka, puleti imeneyi imasenza pafupifupi matani anayi. Pa mamita awiri imasenza oposa 8, ndipo ngati konkire ndi yopyapyala, puleti imaiboola nkulowa mkati pamene khoma likutuluka kunja. Chizindikiro chake ndi mng'alu wozungulira puleti. Pa khoma lokhalitsa pamabweranso chophimba chomaliza, nthawi zambiri cha mamilimita 150 mpaka 200 kapena kuposerapo, chokwirira mitu yonse ya misomali.

Kupopera konkire ndi luso la dzanja, ndipo wopopera wosadziwa amaononga zambiri. Aloze molunjika kumaso kwa khoma, ayambire m'munsi mwa gawolo kukwera, ndipo aonetsetse kuti konkire yalowa kuseri kwa zitsulo, pakuti kumeneko kumakonda kutsala mphako. Miyala ndi mchenga zimene zimadumpha nkugwa pansi zisawoledwe kubwezera m'khoma, ndipo zichotsedwe pa mlumikizano gawo lina lisanapoperedwe. Zikani tizitsulo tosonyeza kuchindikala musanayambe kuti musadalire maso. Ikalimba, yendani ndi hamala mukugogoda: pabwino pamalira mwakuthwa, pa mphako pamalira ngati ng'oma. Ithiriridwe madzi kwa sabata imodzi kuti isang'aluke.

Konkire imabweretsa vuto lake, ndipo apa ndi pamene makoma ambiri omangidwa bwino amaonongekera. Mwatseka kumaso kumene madzi akanatulukira. Akadzazana kuseri amakankha khoma ndi mphamvu imene sinawerengedwe, komanso amafewetsa dothi limene lagwira misomali, ndiye katundu akukwera pamene mphamvu ikutsika. Choncho musanapopere, pa dothi pamayalidwa malamba otulutsa madzi, otambalala pafupifupi masentimita 30, otsika kuchokera pamwamba mpaka pansi pakati pa mizere ya misomali. Mbali ya nsalu yosefa iyang'ane ku dothi. Ndaonapo atayalidwa chagada, nsalu kuyang'ana ku konkire, ndipo sanatulutse dontho. Gawo lililonse likadulidwa, lamba alumikizidwe ndi wa pamwamba pake mopitirirana, ndipo pansi onse athere m'mapaipi otulukira kunja kapena mu ngalande ya m'munsi mwa khoma. Pamwamba pa phiri pakhale ngalande yowaka yopatutsa madzi a mvula asanafike m'mphepete, ndipo konkire ipindikire pamwamba pang'ono kuti madzi asalowe pakati pa iyo ndi dothi. Ngati muona madzi akutuluka m'khoma podula, malamba okha sakwana, pamafunika mapaipi aatali obooledwa timabowo, olowa mkati mwa phiri mopendekera m'mwamba pang'ono.

Injiniya wa za nthaka mukumufuna tsopano, musanasaine ndi aliyense mwa awiriwo. Masamu amene tachitawa ndi okuthandizani kufunsa mafunso, si pulani yomangira. Iye ayenera kuboola kapena kukumba maenje oyezera kumtunda kwa khoma, kumene misomali idzagwire, aone ngati mkati muli dongo lofewa, dothi lothiridwa kale ndi anthu, kapena mwala wopendekera kwa inu umene dothi lingatererepo, ndipo awerengere ngati phiri lonse silingatsetsereke kudutsa pansi pa misomali yonse. Mufunseninso ngati malo angalole kupendeketsa khoma pang'ono, ngakhale madigiri 10 kuchoka pa chilili, pakuti zimenezo zimachepetsa katundu ndipo konkire imamatirira bwino. Makontirakitala onse awiri apereke mitengo pa pulani imodzi yomweyo, yonena kutalika kwa misomali, kukula kwa bowo, kathiridwe, mayeso ndi zotulutsira madzi.

Ntchito ikayamba, khomani zikhomo zoyezera pamwamba pa khoma, zotalikirana mamita asanu kapena khumi, ndipo ziyezedwe gawo lililonse likadulidwa ndiponso mvula yaikulu ikagwa. Kusendera pang'ono pa gawo lililonse nkwachibadwa, ndipo kumaima. Chotsani anthu m'munsi ndi kuitana injiniya tsiku lomwelo mukaona kuti kusenderako kukupitirira pamene palibe akukumba, mng'alu wotsata m'mphepete ukutseguka kumtunda, konkire yatupa pakati pa misomali kapena yang'aluka mozungulira puleti, madzi amatope akutuluka m'mapaipi, kapena dothi la gawo latsopano lasiyana mtundu ndi la pamwamba. Podikira kuti afike, tsekani mng'alu wa kumtunda ndi pepala la pulasitiki kuti mvula isalowemo, chotsani magalimoto ndi milu ya dothi pamwamba, ndipo makina okumbira abwezere dothi m'munsi mwa khoma mpaka litakwirira gawo limene ladulidwa kumene, woyendetsa ali patali ndi khomalo momwe mkono wa makina ungafikire.